Mafunso ndi mayankho: pamene Reply All imachititsa manyazi ndi pamene ili yoyenera

Mafunso awa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi a mu Lilongwe, makamaka amene angoyamba kumene kugwiritsa ntchito imelo ya kuntchito, komanso amene zinawaonekerapo kamodzi ndipo sakufuna kuti zibwerezenso. Mayina a mabatani alembedwa monga mmene amaonekera pa kompyuta kapena pa foni.

Kodi Reply ndi Reply All zimasiyana bwanji?

Mukadina Reply, yankho lanu limapita kwa munthu amene anatumiza uthengawo. Mukadina Reply All, yankho limapita kwa wotumizayo pamodzi ndi aliyense amene dzina lake lili pa mzere wa To, wa olandira enieni, ndi pa mzere wa Cc, wa amene apatsidwa kope kuti adziwe. Anthu amene wotumiza anawaika pa mzere wa Bcc, umene umabisa mayina a olandira, salandira yankho lanu, chifukwa maadiresi awo safika n'komwe pa uthenga umene inu munalandira.

Mabatani awiriwa amakhala moyandikana kwambiri. Mu Outlook ya pa kompyuta, Reply ndi `Ctrl+R` pamene Reply All ndi `Ctrl+Shift+R`, kotero kusiyana kwake ndi chala chimodzi chokha. Pa foni vuto limakula chifukwa mayina a olandira nthawi zambiri amabisika, ndipo mumangoona dzina limodzi kapena awiri pokhapokha mutadina kuti mndandanda wonse utambasuke.

Kodi manyaziwo amabwera bwanji kwenikweni?

Nthawi zambiri si chifukwa choti munthu walemba zoipa. Walemba mawu oyenera munthu mmodzi, koma awerengedwa ndi gulu.

Tiyerekeze kuti woyendetsa ntchito za mu ofesi ina ya ku City Centre watumiza imelo kwa anthu 45, ena a mu ofesi momwemo ndipo ena ochokera m'mabungwe ogwira nawo ntchito, yowadziwitsa za msonkhano wa masiku atatu ku Salima. Kumapeto walemba kuti aliyense atumize nambala ya akaunti yake ya ku banki kuti alawansi ikonzedwe. Mmodzi mwa oitanidwawo wawerenga uthengawo pa foni ali mu minibasi yochokera ku Area 25, ndipo poti amazolowerana ndi wotumizayo, wayankha kuti: "Achimwene, akaunti ndi iyi. Chonde ulendo uno ndalama ilowe tisananyamuke, chifukwa ya ulendo watha ija sinalowebe ndipo mwini nyumba wandikhalira pakhosi." Wadina Reply All osazindikira.

M'yankho limenelo mwatuluka zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi nambala ya akaunti, imene tsopano ili m'mabokosi a anthu 45, kuphatikizapo akunja kwa bungwe. Chachiwiri ndi nkhani ya lendi, imene ndi ya kunyumba. Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, ndi dandaulo la ndalama yochedwa, limene kwa mnzake likanamveka ngati chikumbutso chabe, koma pamaso pa abwana ndi alendo lasanduka chitonzo kwa a ku ofesi ya zachuma. Wolembayo sananame ndipo sanatukwane, koma mawa lake akapita kukasainitsa fomu ku ofesi imeneyo adzaona kuti nkhope zasintha.

Pali manyazi enanso amene amatsatirapo. Anthu ena akaona kuti woyamba wayankha kwa onse, amaganiza kuti ndi mmene ziyenera kuchitikira, ndipo nawonso amatumiza maakaunti awo kwa gulu lonse.

Ndinaona adiresi imodzi yokha pa To, nanga zinatheka bwanji kuti ofesi yonse ilandire yankho langa?

Adiresi imodzi ikhoza kukhala ya gulu. Maofesi ambiri amakhala ndi adiresi imene imagawira uthenga kwa antchito onse, kapena kwa nthambi yonse, ndipo pa mzere wa To imaoneka ngati ya munthu mmodzi:

```
From: zantchito@example.org
To: antchito-onse@example.org
```

Mukadina Reply All pa uthenga wotere, mukulembera aliyense amene ali m'gulu limenelo, kuyambira mkulu wa bungwe mpaka wophunzira ntchito amene wabwera sabata yatha, ndipo ngati bungwe lili ndi maofesi ku Mzuzu ndi ku Blantyre, nakonso uthenga ufika. Mu Outlook dzina la gulu nthawi zambiri limakhala ndi kachizindikiro ka `+` pambali pake, ndipo mukakadina mumaona mayina onse amene ali m'kati.

Palinso msampha wina umene anthu ambiri saudziwa. Uthenga ukhoza kukhala ndi mzere wobisika wotchedwa `Reply-To`, umene umauza kompyuta yanu kumene yankho liyenera kupita. Magulu ena amakonzedwa kuti mzere umenewu uloze ku gulu lonse, kotero kuti ngakhale mutadina Reply wamba, yankho limapitabe kwa onse. N'chifukwa chake chinthu chodalirika si batani limene mwadina ayi, koma zimene zalembedwa pa To ndi pa Cc mu yankho lanu musanalitumize.

Nanga ndi liti pamene Reply All ili yoyenera?

Ili yoyenera pamene yankho lanu likusintha zimene anthu enawo ayenera kuchita kapena kudziwa pa ntchito imene mukugwirira limodzi. Funso loti mudzifunse si lakuti anthuwo ndi angati, koma lakuti: munthu uyu akapanda kuona yankho langa, kodi achita chinthu cholakwika, kapena abwereza ntchito imene yachitika kale?

Taonani nkhani iyi. Mkulu wa pulojekiti walembera woyang'anira magalimoto kuti pakufunika galimoto Lachinayi m'mawa yokatenga alendo awiri ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Pa Cc waikapo anthu atatu: wa zachuma amene atulutse ndalama ya mafuta, mlembi amene wasungitsa malo ogona, ndi wachiwiri wake amene adzalandire alendowo. Woyang'anira magalimoto waona kuti Lachinayi galimoto zonse zili ku Dedza, ndipo njira yokhayo ndi kubwereka ya kampani yobwereketsa. Akayankha ndi Reply, mkulu wa pulojekiti yekha ndi amene adziwe. Wa zachuma akonzabe ndalama ya mafuta m'malo mokonza ya kubwereka galimoto, imene imafuna makoteshoni ndi siginecha ina. Wachiwiri uja adikira dalaivala wa bungwe amene sadzabwera. Ngati mkulu wa pulojekiti ali pa msonkhano tsiku lonse osatsegula imelo, nkhaniyo igona m'bokosi lake mpaka Lachitatu madzulo, pamene nthawi yokonza zinthu yatha.

Pa nkhani yotereyi Reply All ndiyo yolondola, ndipo kusaigwiritsa ntchito ndiko kulakwa. Wotumiza sanaike anthu atatuwo pa Cc mwangozi. Anafuna kuti nkhani iziyenda onse akuona, ndipo amene wawachotsa mwakachetechete waphwanya dongosolo limene mnzake anakonza. Kunena zoona, m'maofesi mwathu ntchito zambiri zimawonongeka chifukwa cha Reply kuposa chifukwa cha Reply All, kungoti kuwonongeka kwake sikuseketsa anthu, motero sikukambidwa pa nthawi ya tiyi.

Zina zofanana ndi zimenezi ndi kusankha tsiku la msonkhano pa gulu la anthu ochepa, kuyankha funso limene ena akanathanso kuliyankha kuti adziwe kuti layankhidwa kale, ndiponso kuvomereza kapena kukana chinthu chimene ena akudikira kuti apitirize ntchito yawo.

Kodi si mwano kusayankha kuti "ndalandira, zikomo" pamene abwana alembera tonse?

Funso limeneli ndi lomveka, chifukwa kwathu kuno wamkulu akalankhula sungokhala chete ngati sunamve. Koma ulemu umenewo ndi wa kwa amene walankhula, ndipo Reply imaufikitsa bwinobwino. Mukatumiza "ndalandira" kwa anthu 200, ndipo anzanu 30 n'kuchitanso chimodzimodzi, ndiye kuti mauthenga oposa 6,000 alowa m'mabokosi a anthu popanda chatsopano chilichonse. Ena mwa anthuwo akuwerengera pa bandulo yogula ndi ndalama yawo, ndipo uthenga wofunika wa tsikulo ukwiririka pansi pa mulu wa mazikomo.

Tisabisane, ena amayankha kwa onse kuti aoneke kuti ali pa ntchito. Anzawo amaona ndipo amadziwa.

Uthenga wa maliro ndi umene umavuta kwambiri. Ofesi ikalengeza kuti mnzathu wataya mayi ake, mtima umafuna kunena "pepani" nthawi yomweyo, ndipo palibe amene angadzudzule munthu wopepesa. Komabe taganizirani kuti nthawi zambiri wotumiza chilengezocho ndi wa ku ofesi yoona za antchito, osati namfedwa, ndipo namfedwayo ali pa ulendo wa kumudzi, sakutsegula imelo ya kuntchito. Chipepeso chimene chimamufika ndi cha pa foni yake, cha pa siwa, kapena dzina lanu pa pepala la zopereka. Reply All pa nkhani ya maliro imathandiza pamene muli ndi uthenga umene onse akuufuna, monga wakuti basi yopita kumaliro inyamuka pa ofesi 6 koloko m'mawa, kapena kuti tsiku loika lasintha. Kuchuluka kwa ndalama imene mwapereka musakulembe kwa onse, chifukwa kumachititsa manyazi amene apereka zochepa.

Ndinaikidwa pa Bcc. Chingachitike n'chiyani ndikadina Reply All?

Yankho lanu lipita kwa wotumiza ndi kwa onse a pa To ndi pa Cc, amene sankadziwa kuti inu munalandirako uthengawo. Pamenepo mwadziulula nokha, ndipo mwaululanso amene anakuikani mobisa. Tiyerekeze kuti woyang'anira nthambi walembera wantchito kalata yomuchenjeza za kuchedwa, n'kuika mkulu wa bungwe pa Bcc. Mkuluyo akayankha kwa onse kuti "mwachita bwino", wantchitoyo adziwa nthawi yomweyo kuti nkhani yake inakafika kumwamba iye osauzidwa, ndipo chikhulupiriro pakati pa iye ndi womuyang'anira chatha.

Mungadziwe kuti muli pa Bcc ngati mwalandira uthenga koma dzina lanu silikuoneka pa To kapena pa Cc, ndipo simuli m'gulu lililonse limene latchulidwa pamenepo. Outlook ya m'mabungwe nthawi zina imaonetsa chenjezo pamwamba pa yankho, koma pa mafoni musadalire kuti chenjezolo lioneka. Kwa otumiza, njira yabwino kuposa Bcc pa nkhani zovuta ndi kutumiza uthengawo kaye, kenako n'kugwiritsa ntchito Forward kwa munthu wachitatuyo padera, chifukwa pa uthenga wotere iye akadina Reply All yankho lidzabwera kwa inu nokha.

Mnzanga walemba cholakwika kwa gulu lonse. Ndimukonze pamaso pa onse kapena padera?

Zimadalira ngati cholakwikacho chisokoneze ntchito ya ena, monga tafotokozera pa funso la nthawi yoyenera. Ngati walemba kuti malipoti afike pa 15 pamene tsiku lenileni ndi pa 12, aliyense ayenera kudziwa. Koma ngakhale pamenepo, njira yaulemu ndi kumuimbira kapena kumulembera yekha kuti akonze mwini wake, chifukwa kukonza kochokera kwa wolemba woyamba anthu amakukhulupirira msanga, ndipo iye satsika ulemu. Mukamusowa ndipo nthawi yatha, yankhani kwa onse mwachidule, mukunena tsiku lolondola ndi kumene mwalitenga, osatchula kuti wina walakwitsa.

Ngati cholakwikacho ndi cha kalembedwe, kapena ndi maganizo amene simukugwirizana nawo, gulu silikufunikira kuona mkangano wanu. Izi ndi zofunika kwambiri pamene wolakwitsayo ndi wamkulu kwa inu, kapena pamene pa Cc pali anthu akunja monga opereka thandizo la ndalama kapena akuluakulu a ku Capital Hill.

Kodi ndingachotse kapena kuwonjezera anthu ndikadina Reply All?

Mungathe, ndipo kawirikawiri imeneyi ndiyo njira yabwino koposa: dinani Reply All, kenako chotsani amene nkhaniyo sikuwakhudzanso. Mukachotsa munthu amene wotumiza anamuika dala, nenani m'mawu oyamba kuti mwamuchotsa ndi chifukwa chake, kuti asadabwe pambuyo pake. Anthu ena amasamutsira munthu wotere pa Bcc n'kulemba kuti atero. Iye amalandira yankho limodzi lomalizalo, ndipo mayankho otsatira samufikanso.

Kuwonjezera munthu kumafuna kusamala kwambiri. Yankho lililonse limanyamula mauthenga akale m'munsi mwake, ndipo Gmail imawabisa kuseri kwa timadontho titatu, kotero n'kosavuta kuiwala kuti alipo. Mukawonjezera wogulitsa katundu wa ku Kanengo pa nkhani imene munkakambirana mitengo ya anzake opikisana naye, iye akangotsikira pansi awerenga zonse. Kwa munthu wakunja, yambani uthenga watsopano. Dziwaninso kuti Reply All siinyamula mafailo amene anamatidwa pa uthenga woyamba, ndipo amene mwamuwonjezera sawaona pokhapokha mutawamatanso kapena kugwiritsa ntchito Forward.

Ndatumiza kale. Kodi ndingaubweze uthengawo?

Mwayi ulipo koma ndi wochepa. Mu Gmail muli Undo Send, imene imagwira uthenga kwa kanthawi usanachoke. Mukhoza kusankha masekondi 5, 10, 20 kapena 30. Nthawi imeneyo ikadutsa, uthenga wapita ndipo Gmail ilibe njira youbwezera.

Mu Outlook muli Recall, imene imayesa kuchotsa uthenga m'mabokosi a olandira, koma imagwira ntchito kwa anthu a m'bungwe lanu lomwelo amene ali pa seva ya Exchange kapena pa Microsoft 365. Kwa munthu wakunja, kapena amene ali ndi adiresi ya Gmail, uthenga umakhalabe, ndipo nthawi zina amalandiranso uthenga wachiwiri womuuza kuti mukufuna kubweza woyambawo, zimene zimangomupatsa chidwi choti akauwerenge. Pa nkhani ya ku Salima ija, Recall ikanathandiza kwa a mu ofesi okha, ndiponso ambiri mwa iwo akanakhala ataona kale mizere yoyamba pa foni, pakuti foni imaonetsa chiyambi cha uthenga ukangofika.

Ndiye ndipepese kwa onse?

Ngati munangotumiza "zikomo" kapena yankho lopanda vuto, musatumizenso china. Kupepesa kwa onse ndi Reply All yachiwiri. Ngati munanena mawu okhumudwitsa munthu, pitani kwa iyeyo maso ndi maso kapena muimbireni tsiku lomwelo, asanamve kwa ena kuti nkhaniyo ikukambidwa. Uthenga wa kwa onse, ngati ukufunika, ukhale wa mzere umodzi kapena iwiri: kuti uthenga wapitawo sunali wa gulu, mukupepesa, ndipo mukupempha kuti aufufute. Musafotokoze zimene munkatanthauza, chifukwa kufotokoza kumapangitsa amene sanawerenge kuti akawerenge.

Zikakhala kuti mwatulutsa zinsinsi za anthu ena, monga mndandanda wa malipiro, zotsatira za kuchipatala kapena manambala a ziphaso, nkhaniyo si ya manyazi anu okha. Uzani okuyang'anirani ndi a zamakompyuta nthawi yomweyo, chifukwa iwo akhoza kuchotsa uthenga pa seva ya bungwe, ndipo bungwelo lili ndi udindo pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu limene dziko la Malawi linakhazikitsa mu 2024.

Anthu ambiri akuyankhana kwa onse kuti "ndichotseni pa mndandanda". Ndichite chiyani?

Musayankhe. Aliyense wolemba kuti "lekani kuyankha kwa onse" akuwonjezera moto umene akufuna kuzimitsa, ndipo amene akuwerengawo alibe mphamvu yochotsa munthu m'gulu. Mphamvuyo ili ndi a zamakompyuta. Mu Gmail gwiritsani ntchito Mute, mu Outlook Ignore. Kusiyana kwake n'kwakuti Mute imangobisa mayankho otsatira, pamene Ignore imawataya ku Deleted Items, kotero musaigwiritse ntchito pa nkhani imene mungadzaifune.

Chipwirikiti chotere chagwetsapo maseva a mabungwe akuluakulu. Mu 1997, ku kampani ya Microsoft, wantchito wina anafunsa chifukwa chake anali m'gulu lotchedwa Bedlam DL3, limene linali ndi anthu pafupifupi 13,000, ndipo mayankho amene anatsatira anafika pa mauthenga pafupifupi 15 miliyoni. Mu Novembala 2016, uthenga woyesera unapita mwangozi kwa antchito pafupifupi 840,000 a bungwe la zaumoyo la NHS ku England, ndipo mayankho a kwa onse anachedwetsa imelo ya bungwelo tsiku limenelo. Mu 2020 Microsoft inakhazikitsa chitetezo chimene chinkatseka mayankho kwa maola anayi pakachitika ma Reply All 10 m'mphindi 60 kwa anthu oposa 5,000. Maofesi ambiri a mu Lilongwe ali ndi antchito ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chimenecho, motero chimene chingawateteze ndi kupempha a zamakompyuta kuti adiresi ya antchito onse izilandira mauthenga ochokera kwa anthu ochepa osankhidwa okha.

Ine ndine amene ndimatumiza mauthenga kwa gulu. Ndingathandize bwanji kuti zisachitike?

Gawo lalikulu la vutoli lili m'manja mwa wotumiza. Pa chilengezo chimene sichifuna kukambirana, ikani olandira pa Bcc ndipo pa To muikepo adiresi yanu. Aliyense amene adine Reply All adzafika kwa inu nokha, ndipo maadiresi a anthu saonekera kwa anzawo. Pa nkhani imene mukufuna kuti anthu akambirane, gwiritsani ntchito To ndi Cc, koma muike okhawo amene ali ndi mbali, ndipo To ikhale ya amene mukufuna kuti achitepo kanthu.

Nenaninso momveka mmene mukufunira kuti ayankhe. Woyendetsa ntchito wa nkhani ya ku Salima akanatha kugawa uthenga wake pawiri: woyamba wa tsiku, malo ndi ndondomeko ya msonkhano, wachiwiri wopempha maakaunti, olandira ali pa Bcc, wokhala ndi mawu akuti "chonde yankhani kwa ine ndekha".

Kodi pali chimene ndingasinthe pa kompyuta yanga kuti ndisamalakwitse?

Mu Gmail, pitani ku Settings, pa General, muone mzere wa Default reply behavior ndipo musankhe Reply. Pamalo omwewo ikani Undo Send pa masekondi 30. Mu Outlook yakale ya pa kompyuta mukhoza kukonza lamulo pa Rules lakuti uthenga uliwonse uzidikira mu Outbox kwa mphindi imodzi kapena ziwiri usanachoke. Kuipa kwake n'kwakuti mukatseka Outlook mphindizo zisanathe, monga pothamangira minibasi madzulo kapena magetsi akazima pa kompyuta yopanda batire, uthengawo ukhoza kugona mu Outbox mpaka mutadzatsegulanso, inu mukuganiza kuti unapita. Pa foni, zolowerani kudina pa mayina a olandira kuti mndandanda utambasuke musanayambe kulemba, ndipo yankho lokhudza ndalama, thanzi kapena dandaulo lidikire mpaka mutafika pa kompyuta pamene mizere ya To ndi Cc ikuoneka yonse.